Malire a Ndime pa Luka 15:11-32

Wophunzira zaubusa akapatsidwa fanizo la mwana wolowerera, asathamangire mabuku a ndemanga. Ayambe wawerenga ndimeyo mokweza kangapo, kenako afufuze malire ake.

Ambiri amalekera pa vesi 24, pamene phwando layamba. Kuteroko n'kudula nkhani pakati, ndipo zimandipweteka, chifukwa mwana wamkulu amatayika. Bwererani pa vesi 1 ndi 2: Afarisi ndi alembi akung'ung'udza kuti Yesu akudya ndi ochimwa. Tsono mkulu wokwiya uja, wokana kulowa m'nyumba, akufanana ndi yani? Onaninso kuti Luka sanena ngati iye analowa.

Nkhani yanu ikatha osatchula mkuluyo, dziwani kuti mwalemba ulaliki umene munali nawo kale. Mfundo iliyonse muiikire vesi lake.