Fayilo ndaikamo, nanga bwanji sikuoneka kunoku?

Tiyerekeze mphunzitsi wina watha kulemba mayeso a Fomu 2 pa laputopu. Wasunga fayilo mu foda ya OneDrive, waiona ndi maso ake ili momwemo, watseka laputopu n'kuisiya mu ofesi. Atafika m'tauni kokasindikiza, akutsegula foni: fayilo kulibe. Akutseka, akutsegulanso, akuzimitsa foni, akuyatsa. Ng'oo.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti timaganiza kuti fayilo imachoka pa laputopu n'kulunjika pa foni. Ayi ndithu. Imayenda maulendo awiri, ngati katundu wotumiza pa basi. Ulendo woyamba imachoka pa laputopu kupita ku seva, kompyuta yaikulu ya kampani imene ili kutali. Ulendo wachiwiri, foni imakaitenga ku sevako. Foda imene mphunzitsi uja waiona ndi depoti chabe: katundu walandiridwa, koma basi mwina sinanyamuke.

Choncho funso loyamba si lakuti foni yatani, koma lakuti kodi fayiloyo inafika pakatipo? Kudziwa kwake n'kosavuta. Tsegulani burawuza, pitani pa onedrive.com, lowani ndi akaunti yanu. Zimene mukuona pamenepo ndi zimene zilidi pa seva. Ngati fayilo palibe, musavutitse foni, mlandu uli kwa laputopu.

Kwathu kuno ulendo woyambawu umakonda kufera pa hotisipoti. Ambiri intaneti ya pa laputopu timaikoka ku bandulo ya pa foni. Windows ikaona kuti intanetiyo ndi yowerengera, imene imatchedwa "metered", OneDrive imayamba yaima kaye kutumiza mafayilo kuti isakudyereni bandulo. Cholinga n'chabwino, koma uthenga wokudziwitsani umangothwanima pakona, munthu osauona n'komwe. Yang'anani kamtambo kali pansi kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi. Ngati pali timizere tiwiri toimirira, ntchito yaima. Dinani pomwepo musankhe "Resume syncing".

Nthawi zina sinaime, koma inu ndi amene munafulumira. Fayilo ya 40 MB, monga mayeso odzaza ndi zithunzi, pa netiweki yotumiza megabiti imodzi pa sekondi imafuna masekondi 320, kupitirira mphindi zisanu. Mukatseka laputopu patangotha mphindi ziwiri, yagonera panjira. N'chifukwa chake kachizindikiro kali pambali pa dzina la fayilo n'kofunika kuposa dzinalo. Timivi tiwiri tozungulira tikutanthauza kuti ikadali paulendo. Kachongi kobiriwira ndiye kuti yafika. Kabwalo kofiira kokhala ndi mtanda ndiye kuti yakanidwa, kawirikawiri chifukwa malo adzaza, poti akaunti yaulere imangopatsa 5 GB.

Nanga ngati kachongi kobiriwira kalipo, koma pa foni fayilo kulibe? Apa ndiye pamene anthu amafika poti makinawa alodzedwa. Komatu nthawi zambiri fayilo imakhala itafikadi, kungoti inafika kunyumba ina. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi maakaunti awiri, ya kuntchito ndi yakeyake, ndipo iliyonse ili ndi nkhokwe yake. Pa Windows kamtambo ka akaunti ya kuntchito kapena kusukulu kamakhala kobiriwira ngati thambo, ndipo foda yake imakhala ndi dzina la bungwelo. Mphunzitsi wathu akhoza kusunga mayeso mu akaunti ya kusukulu, pamene foni yake inalowa ndi imelo imene mwana wake anamutsegulira tsiku logula foniyo. Laputopu sikunama, foni nayonso sikunama. Werengani imelo imene ikuoneka pa zipangizo zonse ziwiri, chilembo ndi chilembo. Ine ndimayambira pamenepa ndisanakhudze china chilichonse, chifukwa sizidya bandulo.

Ngati pa onedrive.com fayilo ikuoneka ndipo akaunti ndi imodzi, chatsala ndi ulendo wachiwiri. Foni imasunga mndandanda wa mafayilo umene inauona komaliza, ndipo ikasowa intaneti imakuonetsani wakale womwewo mopanda manyazi. Kokerani chala pansi pa mndandandawo kuti ifunsenso ku seva. Samalaninso ndi bandulo: ija ya WhatsApp yokha mauthenga amalowa bwinobwino, munthu n'kumati intaneti ilipo, chonsecho OneDrive ilibe podutsa.

Chimodzi chokha musachite mutapsa mtima: kufufuta fayilo mu foda ya pa laputopu poganiza kuti "kumtambo" ilipo kale. Ngati inali isananyamuke, mwataya yokhayo imene munali nayo, ndipo muyenera kukaisaka mu Recycle Bin. Ngati inali itafika, kufufutako nakonso kumayenda ulendo womwewo, ndipo ku seva nakonso ichoka pamalo pake.