Cholinga cha phunziro chifike pa ntchito ya m'wodi

Pokonza phunziro la kutsegula m'mimba kwa ana, aphunzitsi a anamwino ambiri amalemba kuti: "Pomaliza, ophunzira adziwe za kuchepa kwa madzi m'thupi." Koma kudziwa sikuoneka ndi maso. Wongoloweza zizindikiro anena kuti akudziwa, wotha kupulumutsa mwana anenanso chimodzimodzi.

Mu 1956 Benjamin Bloom ndi anzake ku America anasanja luso la kuganiza m'makwerero asanu ndi limodzi. Mu 2001 gulu la Lorin Anderson ndi David Krathwohl linawakonzanso, ndipo lero amayambira pa kukumbukira, kenako kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza ndi kupanga chatsopano. Mneni wa m'cholinga ndiye amaulula khwerero limene mphunzitsi akufuna.

Kwa wa chaka choyamba, cholinga choti "atchule zizindikiro zinayi za kuchepa kwa madzi" n'chokwanira: kusakhazikika, maso olowa m'kati, kumwa mwaphuma, ndi khungu lochedwa kubwerera ukalitsina. Uku n'kukumbukira, ndipo popanda iko palibe chomangapo.

Wophunzira amene akupita ku wodi ya ana afunika khwerero lachitatu. Cholinga chikhale chotere: "Atapatsidwa kulemera kwa mwana amene madzi achepa pang'ono, awerengere ORS wa maola anayi motsata malangizo a WHO, osalakwitsa." Lamulo lake ndi mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse, choncho mwana wa makilogalamu 8 amwe mamililita 600. Cholingachi chanena chochita, chimene wophunzira apatsidwe, ndiponso muyeso wokhozera. Aphunzitsi awiri atachonga payekhapayekha sangasiyane malikisi.

Kusanthula ndiye kwa a chaka chomaliza. Mwana wonyentchera kwambiri amakhala ndi maso olowa ndi khungu lofota ngakhale madzi asanachepe, ndipo kumuthira madzi ambiri kungalemetse mtima wake. Apa cholinga n'choti wophunzira asiyanitse ana awiri oterewa kuchokera pa mbiri ya matenda ndi zimene wapeza powayeza, nafotokoze chifukwa chake wonyentcherayo salandira chithandizo chofanana ndi mnzake.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti cholinga chimakwera pamwamba mayeso n'kutsala pansi. Papepala palembedwa "asiyanitse", koma funso likuti "Tchulani zizindikiro zinayi." Ophunzira sachedwa kuzindikira zimenezi, amangoloweza. Pofuna kuona ngati zili choncho, ikani cholinga chilichonse pambali pa funso lake. Ngati yankho lingakopedwe m'notsi momwe lilili, funsolo ndi la kukumbukira basi, kaya mneni wa m'cholinga akhale wapamwamba bwanji.

Makwererowa amayeza za m'mutu zokha. Kuika diripi pa mtsempha wa khanda ndi luso la manja, ndipo cholinga chake chimayesedwa mphunzitsi ataima pomwepo, akuona sitepe iliyonse.