Dimba losesa bwino lisamapambane lokha: kusanja zithunzi za madimba a m'parishi

Amayi anzanga, ngati gulu lanu likukonza mpikisano wa madimba chilimwe chino, ndikudziwa momwe ziyendere. Miphakati ndi yotalikirana, njinga ndi imodzi, ndiye mudzagwirizana kuti aliyense ajambule dimba lake pa foni ndi kutumiza kwa mlembi. Kenako anthu atatu adzakhala pa benchi kuseri kwa tchalitchi, foni ikuyenda m'manja, mpaka wina adzati, “Ili ndiye laukhondo!” Mphotho idzapita kumeneko.

Ine ndinakhalapo pa benchi yotere. Ntchito yanga ndi ya unamwino ndi uzamba, koma amayi a parishi ina anandipempha kuti ndikhale mmodzi mwa oweruza, pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi ndi mayi wina wachikulire wa m'gulu lawo. Mphotho inali makheni awiri othirira ndi mbewu, zinthu zochepa ndithu. Chachikulu n'chakuti dimba lopambana amayi ena onse amakalitengera. Mukasankha molakwika, chaka chotsatira parishi yonse ilima molakwika.

Chithunzi chimene tonse tinachikonda poyamba chinali nambala 4. Mabedi asanu a mpiru, owongoka ngati ajambulidwa ndi rula, tinjira totakata tosesedwa mpaka kuoneka mizere ya tsache, opanda ngakhale kaudzu kamodzi. Ine ndinali woyamba kuliyamikira, poti anamwinofe tinaphunzitsidwa kukonda bedi loyalidwa bwino. Mlangizi uja anangofunsa kuti, “Amayi, nthaka ili pamtunda chonchiyi, dzuwa la Okutobala likamadzawomba, adzathirira kangati pa tsiku?”

Funso limenelo linatibweza m'mbuyo. Tinagwirizana zopereka malikisi 20 pa chithunzi chilichonse: 8 pa kutalikirana kwa mbewu, 8 pa kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndi 4 okha pa ukhondo. Ukhondo tinauika pomaliza dala, chifukwa ndi umene umakopa maso msanga.

Tiyambe ndi kutalikirana kwa mbewu, poti ndi pamene chithunzi chimanama kwambiri. Wojambula akanjuta n'kujambula chapansi, mbewu zimaoneka zothithikana ngakhale zili bwino. Akaima patali, mipata siioneka n'komwe. Choncho musalandire chithunzi chopanda muyeso. Uzani mayi aliyense adule kamtengo kotalika mita imodzi, akagoneke motsatira mzere wa mbewu, aime pamwamba pake ndi kujambula choweramira. Kwa telala aliyense kuli tepi yoyezera kamtengoko.

Kamtengoko kakakhalapo, ntchito yanu ndi kuwerenga basi. Chimanga chobzala imodziimodzi pa phando, chimene ambiri timachitcha cha Sasakawa, chimatalikirana masentimita 25, pa mizere yotalikirana masentimita 75. Ndiye pa kamtengo ka mita imodzi muyenera kuona mipata inayi. Mukaona isanu ndi iwiri, chathithikana. Mukaona iwiri, malo akutayika, kapena mbewu sinamere ndipo sanapakize. Mbatata imafuna pafupifupi masentimita 30 pa mzere, anyezi 10 mpaka 15, tomato pafupifupi 60. Mpiru ndi repu, mitundu imasiyana, koma mpata wa masentimita 40 suli kutali ndi choonadi. Ngati pa paketi ya mbewu palembedwa zina, tsatani za pa paketi.

Chithunzi nambala 9 chinatiphunzitsa zambiri pa nkhani imeneyi. Chinali chobiriwira mokoma, nthaka yosaoneka n'komwe, ndipo mayi wachikulire uja anati, “Apa ndiye pali ndiwo.” Bedi lake linali la mita imodzi ndi masentimita 20 m'lifupi, mamita 5 m'litali. Pa mpata wa masentimita 40, bedi lotere limalowa mizere itatu, mzere uliwonse mbewu 12, zonse pamodzi 36. Titakulitsa chithunzicho n'kuwerenga mzere umodzi, tinapeza mbewu zoposa 25, ndipo mizere inali isanu. Mwini wake anamva chisoni kutaya mbande zotsala pa nazale, ndiye anangowokera zonse.

Mbewu yothithikana ili ndi zizindikiro zake ngakhale pa foni. Imatalika chowonda pofuna dzuwa, masamba amakhala ang'onoang'ono, ndipo a m'munsi amayamba chikasu. Mphepo siidutsa, masamba sauma msanga akathiriridwa, matenda ndi nsabwe zimayenda mosavuta kuchoka pa mbewu ina kupita pa inzake. Masabata awiri oyamba bedi lotere limakongola kuposa onse, koma pothyola ndi pamene mwini wake amadabwa kuti mpukutu sukukwana. Nambala 9 tinaipatsa 3 pa 8. Komabe samalani: bonongwe kapena mpiru wofesa kuti uzizulidwa udakali wanthete umayenera kukhala woyandikana. Funsani kaye ngati ndi wowokera kapena wofesa musanadule malikisi.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka malo m'pamene nambala 4 inagwa. Dimbalo linali la mamita 10 mbali zonse. Mabedi anali a mita imodzi, tinjira natonso ta mita imodzi, ndiye munalowa mabedi asanu okha. Kanjira ka masentimita 50 kamakwanira munthu wonyamula kheni. Akanachepetsa tinjirato, mukanalowa mabedi asanu ndi awiri: mamita 7 a mabedi ndi mamita 3 a tinjira tisanu ndi kamodzi. Mabedi awiri athunthu anasanduka njira yosesa m'mawa uliwonse, m'kati mwa mpanda womwewo umene mayiyo anavutika kumanga.

Pamenepa ndinaonjezapo funso langa la kuchipatala, ndipo ndikupemphani mulitenge. Werengani kuti m'chithunzimo muli mitundu ingati ya chakudya. Ku sikelo timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, za mafuta, masamba ndi zipatso. Dimba la pakhomo silingatulutse onse, koma lingathe kutulutsa anayi popanda vuto. Nambala 4 inali ndi gulu limodzi, mtundunso umodzi. Mpiru ukagwidwa ndi nsabwe kapena ukayamba maluwa, banjalo latsala ndi nthaka yosesa. Tinaipatsa 3 pa 8.

Tsopano nambala 11, imene poyamba tinaiika pansi penipeni. Inkaoneka ngati mwini wake wadwala mwezi wathunthu. Udzu wouma unali ponseponse, nkhwani utayanga m'mphepete, nyemba zitakwera mpanda, pakona pali mulu wophimbidwa ndi masamba a nthochi. Titayang'anitsitsa tinaona kuti udzuwo unali wophimbira nthaka, muluwo unali wa manyowa, ndipo pansi pa udzu mizere ya repu inali yowongoka, mipata yake yofanana. Munali mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi vitamini A ndipo imapatsanso kholowa, munali papaya kumapeto kumene mthunzi wake sugwera pa mabedi, ndi bonongwe womera yekha amene mayiyo anamusiya dala m'mbali mwa kanjira.

Bonongwe ameneyu ndimamuikira kumbuyo kulikonse. Amayi oyembekezera ochepa magazi ndimawaona sabata iliyonse, ndipo ena mwa iwo amazula bonongwe, luni ndi chisoso m'dimba mwawo ngati tchire kuti mpiru uoneke bwino. Masamba amenewa salowa m'malo mwa mankhwala oonjezera magazi a ku sikelo, ayi, koma ndi ndiwo zabwino zosagula. Mpikisano umene umadula malikisi chifukwa cha bonongwe ukuphunzitsa amayi kutaya chakudya.

Nanga udzu wophimbira mungausiyanitse bwanji ndi dimba losapalira? Wophimbira umakhala wouma, wogona pansi, wokhuthala mofanana, ndipo wolima wodziwa amasiya kampata kozungulira tsinde kuti lisawole komanso chiswe chisalifike msanga. Tchire limakhala lobiriwira, loimirira, losatsata mzere, nthawi zina lili ndi maluwa. Zikasokoneza, muimbireni mwini dimba akuuzeni.

Ukhondo wa malikisi 4 aja tinaumasulira motere. Tinkafuna kuona ngati pali botolo la mankhwala opopera litatayidwa pamene mwana angalitole, madzi oima m'zitini kapena m'maenje momwe udzudzu ungaswane, majumbo m'mabedi, masamba odwala a tomato osiyidwa pansi, ndi mpanda woboola woti mbuzi n'kulowa. Ngati chitsime chikuoneka, tinkaonanso kuti chimbudzi kapena khola lili kutali bwanji, poti pamafunika mamita osachepera 30. Nambala 4 inatenga malikisi onse anayi, ndipo inayeneradi. Nambala 11 inataya limodzi chifukwa cha ndowa yosweka imene munali madzi obiriwira.

Titaphatikiza, nambala 11 inapeza 17: 7 pa kutalikirana, 7 pa malo, 3 pa ukhondo. Nambala 4 inapeza 14, chifukwa mipata ya mpiru wake inali yabwino ndithu, 7 pa 8. Nambala 9 inapeza 11. Mayi wa nambala 4 sanakondwe, ndipo ndikumumvetsa: palibe amene anamuuza pachiyambi kuti tikuyang'ana chiyani. Limeneli linali vuto la ife okonza. Lengezani kagawidwe ka malikisi mbewu zisanafesedwe, osati pa tsiku la mphotho.

Zina ziwiri zimachepetsa madandaulo. Aliyense atumize zithunzi zitatu m'sabata imodzi yomweyo: chimodzi cha dimba lonse mpanda ukuoneka mbali zonse, china cha mzere ndi kamtengo kaja, chachitatu cha ngodya ya kumbuyo, poti tonse timajambula mbali yokongola. Ndipo mlembi achotse mayina n'kuika manambala, kuti oweruza asadziwe kuti ili ndi dimba la amayi apampando kapena la akazi a akatekisi. Amene alibe foni yojambula asatsale. Mtsikana mmodzi wa mu mphakati angathe kujambulira onse.

Ngakhale mutachita zonsezi, chithunzi sichikuuzani kuti madzi amatungidwa kutali bwanji, kuti anapopera liti mankhwala, kapena ngati ndiwozo zimafika m'mbale ya ana kapena zonse zimathera ku msika. Sichikuuzaninso ngati dimbalo ndi lake la wotumizayo. Choncho zithunzi zikuthandizeni kusankha madimba atatu apamwamba, kenako kwerani njinga mukawaone musanalengeze. Ife titapita ku nambala 11, mlangizi anakankha udzu ndi phazi n'kupisa chala m'nthaka. Inali yonyowa, dzuwa lili paliwombo, ndipo mayiyo anati anathirira dzulo lake madzulo.