Amene wapatsira kwambiri sindiye walumikiza timu

Pa 11 July 2010, pa bwalo la Soccer City ku Johannesburg, Andrés Iniesta anagoletsa chigoli m'mphindi ya 116 ndipo Spain inatenga chikho cha dziko lonse pogonjetsa Netherlands 1-0. Chigolicho aliyense amachikumbukira, ndipo ena amakumbukiranso kuti amene anamupatsira anali Cesc Fàbregas. Koma Spain inagoletsa zigoli 8 zokha m'masewero 7 a mpikisano wonsewo. Mphamvu yake inali pa kupatsirana, ndipo funso limene maso amalephera kuyankha ndi lakuti mwa anyamata 11 aja, ndani amene mpira unkadalira kuti uyende.

Akatswiri awiri a masamu a ku London, Javier López Peña ndi Hugo Touchette, anatenga ziwerengero za mapasi zimene FIFA inatulutsa pa mpikisanowo n'kujambula timu iliyonse ngati ukonde. Wosewera aliyense ndi kadontho. Awiri akapatsirana mpira, pakati pawo pamalembedwa mzere, ndipo mzerewo umanenepa malinga ndi kuchuluka kwa mapasi. Chithunzi chotere a masamu amachitcha galafu, ndipo njira zoyezera kuti kadontho kati kali pamtima pa ukonde zinalipo kale mpira usanazibwereke. Imodzi mwa izo inafotokozedwa ndi Linton Freeman mu 1977, pofufuza za maubale a anthu.

Kuti timve bwino, tipeke timu yaing'ono ya osewera asanu, otchulidwa ndi manambala a pamsana. Nambala 4 ndi 5 ndi otchinga kumbuyo, 6 amasewera pakati chakumbuyo, 10 pakati chakutsogolo, ndipo 9 ndi womwetsa zigoli. M'chigawo choyamba, 4 ndi 5 apatsirana ka 30. Nambala 6 wapatsirana ka 10 ndi 4, ka 10 ndi 5, komanso ka 10 ndi 10. Nambala 10 ndi 9 apatsirana kasanu. Pali mapasi ena ochepa aatali: awiri pakati pa 5 ndi 10, ndi imodzi yokha pakati pa 4 ndi 9. Onse pamodzi ndi 68.

Muyeso wophweka ndi kungowerenga mapasi amene munthu wakhudzidwa nawo. Pamenepa 5 akutsogola ndi 42, kenako 4 ndi 41, pomwe 6 ali ndi 30, 10 ali ndi 17, ndipo 9 ali ndi 6. Ziwerengero za mtundu uwu ndi zimene amationetsa pa wailesi yakanema nthawi yopuma, ndipo wina akhoza kunena kuti otchinga kumbuyo ndiwo akuyendetsa masewero. Komatu ambiri mwa mapasi awo angopatsirana awiriwiri, mpira osachoka kumbuyo.

Muyeso umene umavumbula wolumikiza timu umafunsa funso lina: mpira ukafuna kuchoka kwa wosewera uyu kukafika kwa uyo, njira yake yachidule imadutsa kwa ndani? Tiutche muyeso wa mlatho, chifukwa wopambana pa muyesowu ali ngati mlatho wa pa mtsinje: mwina si pamene pamakhala anthu ambiri, koma aliyense wofuna tsidya lina adutsapo basi.

Tisanauwerengere pali sitepe imene ambiri amapunthwa nayo. Mapasi ambiri amasonyeza kuti osewera awiri ndi oyandikana pa ukonde, choncho chiwerengero chiyenera kutembenuzidwa kuti chikhale mtunda. Kawirikawiri amagawa 1 ndi chiwerengero cha mapasi. Ife tigawe 30, kuti tipewe tizidutswa. Zotsatira zake sizisintha. Mtunda wa 4 ndi 5 ukhala 1. Mizere itatu ya nambala 6 ikhala 3 uliwonse. Wa 10 ndi 9 ukhala 6, wa 5 ndi 10 ukhala 15, ndipo wa 4 ndi 9 ukhala 30.

Tsopano tiyende. Kuchoka kwa 5 kupita kwa 10 molunjika ndi 15, koma kudzera kwa 6 ndi 3 kuphatikiza 3, omwe ndi 6 basi. Kuchoka kwa 4 kupita kwa 9 molunjika ndi 30, koma kudzera kwa 6 kenako 10 ndi 12. Mukatero ndi osewera onse awiriawiri, mupeza kuti nambala 6 ali pakati pa njira zinayi: ya 4 kupita kwa 10, ya 5 kupita kwa 10, ya 4 kupita kwa 9 ndi ya 5 kupita kwa 9. Nambala 10 ali pakati pa njira zitatu, zonse zothera kwa 9. Otchinga kumbuyo aja, ngakhale ali ndi mapasi oposa 40 aliyense, sali pakati pa njira ngakhale imodzi.

Pali muyeso winanso, wa kuyandikira, umene umaphatikiza mitunda yonse kuchoka kwa wosewera mmodzi kukafika kwa anzake onse. Wochepa mtunda ndiye wofikirika msanga. Apanso 6 ndiye wapambana ndi 18, kutsatiridwa ndi 10 amene ali ndi 21, pomwe 9 ali kutali ndi 39. Wachitatu ndi PageRank, njira imene Larry Page ndi Sergey Brin anayambira nayo Google mu 1998. Iyo imati kulandira mpira kuchoka kwa wosewera wofunika kumalemera kuposa kuulandira kwa wosewera amene anzake samupatsira, ndipo kwenikweni imayeza mwayi woti mpira ukhale pa phazi la ndani ukayendayenda kwa nthawi. Pa miyeso iwiriyi, kuyandikira ndi PageRank, kafukufuku wa mpikisano wa 2010 uja anaika Xavi m'gulu la apamwamba m'timu ya Spain, zomwe sizinadabwitse aliyense woonera mpira.

Chodabwitsa chinali pa muyeso wa mlatho. Spain inapezeka ndi ziwerengero zotsika, zogawanika bwino pakati pa osewera. Ndiye kuti panalibe munthu mmodzi amene mukamutseka timu yonse yaima. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, poganiza kuti chiwerengero chachikulu ndi mendulo. Kwa wosewera ndi ulemu ndithu, koma kwa mphunzitsi wake ndi chenjezo. Bwererani ku timu yathu ija, muchotse nambala 6 ngati kuti adani amumaka osamupatsa mpata. Mtunda wa 5 kupita kwa 10 ukwera kuchoka pa 6 kufika pa 15, ndipo wa 4 kupita kwa 9 uchoka pa 12 kufika pa 22. Munthu mmodzi wakakamira nambala 6, timu yaduka pakati. Thomas Grund, pofufuza masewero a ligi yaikulu ya ku England mu 2012, anapeza zofanana: matimu amene mapasi awo aunjikana pa anthu ochepa amagoletsa zigoli zochepa kusiyana ndi amene amagawana.

Ntchito yonseyi siifuna zida zodula. Makampani monga Opta ndi StatsBomb amalemba pasi iliyonse ya m'maligi akuluakulu, koma munthu wokhala ndi kanema wa masewero, pepala logawa mabokosi 11 mopingasa ndi 11 motsika, ndi kuleza mtima, akhoza kulemba yekha mapasi a timu ya kwawo. Kuwerengera kwake amachita pa kompyuta ndi NetworkX, ya m'chinenero cha Python:

```python
for u, v, d in G.edges(data=True):
    d["distance"] = 1 / d["passes"]
nx.betweenness_centrality(G, weight="distance")
```

Mizere iwiri yoyambayo ndiyo kutembenuza kuja. NetworkX imatenga chiwerengero chilichonse chimene mwaipatsa ngati mtunda, ndipo mukaipatsa mapasi osatembenuza siidandaula, ingokupatsani yankho labodza. M'timu yathu, pasi imodzi ija ya 4 ndi 9 isanduka njira yachidule kuposa zonse, nambala 6 atsika kufika pa 0, ndipo womwetsa zigoli wa mapasi 6 okha akhala pamwamba pamodzi ndi nambala 10. Mukaona wosewera amene sakhudza mpira kawirikawiri akutchedwa wolumikiza timu, yambani mwayang'ana pamenepo.

Ngakhale masamu atakhala olondola, ukonde uli ndi malire ake. Wosewera akalowa m'malo mwa mnzake ukonde umasintha, n'chifukwa chake ojambula ambiri amalekezera pa kusintha koyamba, ndipo zikatero mapasi otsala amachepa. Pa masewero amodzi, mapasi awiri kapena atatu akhoza kusuntha njira yachidule n'kusintha dzina la wopambana, choncho chanzeru n'kuphatikiza masewero angapo. Ife tinaphatikiza mapasi opita ndi obwera pa mzere umodzi kuti chitsanzo chiphweke, koma pa ntchito yeniyeni amawalekanitsa, pakuti wosewera wolandira kuchokera kumbuyo n'kubweza konko si wofanana ndi wolandira n'kutembenuka. Ndiponso mpira sudziwa njira yachidule. Umapita kumene kwatseguka. Wothamanga mopanda mpira, amene wakoka wotchinga kuti mnzake apeze mpata, pa ukonde saoneka n'komwe.

Vuto lalikulu, kwa ine, ndi lakuti ukonde wamba sudziwa kumene kuli golo. Jordi Duch, Joshua Waitzman ndi Luís Amaral anayesa kukonza zimenezi mu 2010 pofufuza mpikisano wa mayiko a ku Ulaya wa 2008. Anaonjezera timadontho tiwiri tomwe si anthu, kena koimira mpira womenyedwa molunjika pagolo ndi kena koimira wopita padera, n'kuyamba kuyeza amene mpira umadutsa kwa iye pa ulendo wokathera pa kumenya pagolo. Xavi, amene UEFA inamusankha kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisanowo, anatulukanso m'gulu la apamwamba.

Kufunika kwa kusiyanitsaku kunaonekera pa 6 December 2022 ku Qatar, pamene Spain inakumana ndi Morocco. Spain inapatsirana pafupifupi ka 1,000 m'mphindi 120, koma mpira wolunjika pagolo unali umodzi wokha. A Morocco anatseka njira yopita kwa Sergio Busquets, n'kuwasiya otchinga kumbuyo, Rodri ndi Aymeric Laporte, azipatsirana mmene akufunira. Wowerenga mapasi okha akanati awiriwo ndiwo anali eni masewero. Masewero anatha 0-0, ndipo Morocco inapambana 3-0 pa mapenate.