Sura za ku Makka ndi za ku Madina: zimasiyana pati?

Mwana wa kumadrasa akayamba kuloweza Qur'an, amayambira kumapeto kwa bukulo, ku Juzu Amma, komwe kuli sura zazifupi zosavuta kusunga pamtima. Zambiri mwa izo ndi za ku Makka. Pa sura 114 za Qur'an, mabuku ambiri osindikizidwa amaika 86 m'gulu la ku Makka ndi 28 m'gulu la ku Madina, ngakhale pali zingapo zimene mashehe amasiyana nazo maganizo.

Chomwe chimagawa magulu awiriwa ndi nthawi, makamaka msamuko wa mu 622, pamene Mtumiki Muhammad anachoka ku Makka kupita ku Madina. Chilichonse chimene chinavumbulutsidwa msamukowo utachitika chimawerengedwa kuti n'cha ku Madina, ngakhale chinatsikira kwina. Ndime yonena za kukwaniritsidwa kwa chipembedzo, ya mu Sura Al-Ma'ida, inatsika pa Arafat pafupi ndi Makka mu 632, komabe ndi ya ku Madina.

Ku Makka Asilamu anali ochepa ndiponso ozunzidwa, pakati pa Akuraishi opembedza mafano amene ankaseka nkhani ya kuuka kwa akufa. Choncho uthenga unkafunika kugwedeza mtima msanga. Sura Al-Qari'a ili ndi ndime 11 zokha, zofupika ndi zogunda ngati ng'oma: tsiku la chiweruzo lafika, mapiri aphwasuka, ntchito za munthu zaikidwa pa sikelo. Lamulo la malonda kapena la ukwati mulibemo.

Ku Madina kunali mudzi woti uyendetsedwe. Sura Al-Baqara ili ndi ndime 286, ndipo ya 282, yomwe ndi yaitali kuposa zonse m'Qur'an, imakamba za ngongole. Imati ngongole yokhala ndi tsiku lobweza ilembedwe, wokongolayo ndiye anene zoti mlembi alembe, ndipo pakhale mboni. Ngati wokongolayo sangathe kudzinenera, womuyang'anira amunenere. Malangizo otere ngothandiza pokhapokha pali msika, oweruza milandu ndi anthu okonzeka kumvera. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, anafotokoza kuti nkhani za Jana ndi Moto ndizo zinatsogola, za halali ndi haramu n'kubwera anthu atakhazikika m'chikhulupiriro, ndipo kuti lamulo loletsa mowa likanabwera poyamba anthu akanalikana.

Akatswiri monga As-Suyuti anasonkhanitsa zizindikiro zothandiza kuzindikira. Sura yonena za kugawa chuma cha masiye, za nkhondo kapena za achiphamaso kawirikawiri imakhala ya ku Madina. Kuitana anthu onse kumachuluka m'sura za ku Makka, kuitana okhulupirira m'sura za ku Madina.

Koma zizindikirozi sizodalirika nthawi zonse. Sura An-Nisa imayamba poitana anthu onse chonsecho ndi ya ku Madina, An-Nasr ili ndi ndime 3 zokha koma nayonso ndi ya ku Madina, pamene Al-An'am ya ku Makka ili ndi ndime 165. N'chifukwa chake mashehe amaika patsogolo umboni wa Maswahaba amene analipo ndimezo zikutsika, kalembedwe n'kubwera pambuyo.