Pepala ndi riboni zimayamba kulankhula mphatso isanatsegulidwe

Pa ukwati wa mwana wa achemwali anga, ine ndi amene ndinkalandira mphatso patebulo. Mabokosi ambiri anali okutidwa ndi mapepala a golide ndi maruni, mitundu yomwe inali pa khadi loitanira anthu, ndipo ankagwirizana ndi madiresi a operekeza akwati. Kenako panafika kabokosi kokutidwa ndi pepala la zidole ndi mabaluni, la tsiku lobadwa la mwana. M'katimo munali makapu abwino kwambiri, koma mayi amene anabweretsayo anakaika kunsi kwa tebulo mwamanyazi. Zinandikhudza, chifukwa ndalama anawononga, chimene chinamulakwira ndi pepala chabe.

Posankha mtundu, yambani mwafunsa kuti mwambowo ndi wotani. Pa ukwati ndi pa chinkhoswe yankho limakhala pa khadi: tengani umodzi mwa mitundu ya akwatiwo ukhale wa pepala, winawo ukhale wa riboni. Ngati khadi silikunena kanthu, pepala loyera kapena la kirimu ndi riboni ya golide kapena siliva sizikuchititsani manyazi. Lakuda lokhalokha lisiyeni, poti kwathu kuno limakumbutsa maliro. Lofiira la timitima ndi la okondana, makamaka pa 14 February. Mukakutira nalo mphatso ya apongozi kapena ya abwana kuntchito, anthu ayamba kunong'onezana. Pa Tsiku la Anakubala, 15 October, mayi amayenera mitundu yofatsa, ndipo njira yachidule ndiyo kuyang'ana zitenje zimene amakonda kuvala popita kutchalitchi kapena ku ukwati.

Wolandirayonso ali ndi zake. Mnzanu wosapota Bullets musamupatse mphatso yokutidwa ndi buluu wa Wanderers, ngakhale pepalalo likongole bwanji. Mupezereni lofiira ndi riboni yoyera. Mitundu ya zipani nayonso njofunika kusamala nayo, makamaka nyengo ya chisankho.

Mukasankha pepala, riboni isalimbane nalo. Pepala likakhala la maluwa kapena mizere, riboni ikhale ya mtundu umodzi, ndipo mtunduwo muutenge pa pepala pomwepo, umene ukuoneka pang'ono kuposa inzake. Ngati pepala ndi la kirimu la timaluwa ta pinki ndi timasamba tobiriwira, riboni yobiriwira ndi imene imadzutsa chithunzi chonse; ya kirimu ingomira osaoneka. Pepala likakhala la mtundu umodzi, pamenepo riboni ikhoza kunyezimira. Ine ndimakonda kwambiri pepala la khaki, lomwe lija timakutira makope a ana asukulu. Nlotchipa, nlolimba, ndipo limalola riboni ya mtundu uliwonse. Mukalimanga ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje, limaposa mapepala ambiri odula.

Tsono tiyeze. Tinene kuti bokosi la makapu ndi lotalika masentimita 30, mulifupi 20, msinkhu 10. Pepala liyenera kuzungulira bokosi m'mimba, kutanthauza 20 ndi 10 kawiri, zomwe ndi 60, kuonjezapo 5 oti nsonga zisanjikizane: 65. Kumbali inayo tengani 30 ndi kuonjeza 7 uku ndi 7 uku opindira m'mapeto: 44. Ndiye kuti pepala limodzi la 50 kwa 70 likwana, mungodulako pang'ono. Musaumire kudula. Pepala likachuluka m'mapeto limatukumuka ngati thumba, makona osaoneka, ndipo selotepi sagwira. Vundikirani bokosi pa pepala kuti msoko ukhale kunsi, pindani m'mphepete mwa nsonga yapamwamba kuti podula pabisike, ndipo kona iliyonse muitsinde ndi chala.

Riboni yomanga mopingasa imafuna 80 kuzungulira mulitali, 60 m'mimba, ndi ena 60 a mfundo yapamwamba, onse pamodzi mamita awiri. Ambiri amagula mita imodzi n'kuzindikira ali kunyumba kuti yaperewera.

Musanamate, yalani pepala pa bokosi n'kuyang'ana poyera. Pepala loyera kapena lopyapyala limaonetsa zolembedwa pa katoni, moti mkwatibwi akhoza kuwerenga dzina la sopo asanatsegule. Zikatero yambani mwakuta ndi khaki. Matulani kapepala ka mtengo, ndipo dzina lanu mulembe pawiri, pa khadi lakunja ndi pa kapepala kena m'kati, chifukwa makadi akunja amathothoka mphatso zikamapakiridwa m'galimoto usiku.

Mwezi uno mukalandira khadi la ukwati, musalitaye mukangowerenga tsiku. Pitani nalo kusitolo, muliike pambali pa pepala ndi riboni, muone ndi maso anu musanalipire.