Kulandira Kamphaka M'nyumba Momwe Muli Kale Mphaka Wamkulu

Mphaka wa pakhomo anachokera kwa vumbwe, nyama imene imasaka yokha ndi kugona yokha, ndipo khalidwe limenelo silinamuchokeretu. Galu amadalira gulu, pamene mphaka amadalira dera lake: malo amene amadyera, amene amagona, amene amaothera dzuwa ndi amene amadikirira makoswe. Deralo amalilemba ndi fungo. M'masaya, pachibwano, pamphumi ndi kumapazi kwake kuli tiziwalo totulutsa fungo limene munthu salimva, ndipo akamakhula tsaya pa mwendo wa tebulo kapena pa mphuthu ya chitseko amakhala akusiya chizindikiro chakuti pano ndi pake. Amphaka ogwirizana amakhulana ndi kunyambitana mpaka fungo lawo limasakanikirana, ndipo fungo limodzilo ndilo limawauza kuti uyu ndi wa pakhomo pano.

Kamphaka kobwera kumene kalibe fungo limenelo. Ndiye chifukwa chake mwambo wofala wongokatula pabalaza, n'kunena kuti akamenyana kamodzi azolowerana, umabala mavuto okhalitsa. Amphaka sathetsa mkangano mwa kupeza wopambana. Wogonja amangosunga mantha, ndipo tsiku loyamba likakhala la zikhadabo, nyama ziwirizo zimatha miyezi zikuonana ngati adani. M'makomo ambiri momwe mphaka amalowa ndi kutuluka mwaufulu, mathero ake amakhala akuti wamkuluyo amasamukira kwa aneba, makoswe n'kubwerera m'nkhokwe.

Njira yothandiza imayamba kamphakako kasanafike. Kamayenera kukhala kali ndi masabata osachepera 8, ndipo 12 ndi abwino koposa, pakuti m'masabata amenewa ndi mmene kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuluma mosapweteka ndi kuleka masewera mnzake akakana. Pamakonzedwa chipinda chimodzi chokhala ndi chitseko chotsekeka bwino, chimene mphaka wamkulu sachikonda kwenikweni, monga chosungiramo katundu. Kumulanda chipinda chimene amagonamo n'kuyamba nkhondo mlendo asanaoneke n'komwe. M'chipindamo mumaikidwa mbale ya chakudya, mbale ya madzi, katoni yokhala ndi chinsanza yobisalamo, ndi beseni la mchenga lodzithandiziramo, lotalikirana ndi chakudya. Kamphaka kamalowetsedwa mmenemo kali m'katoni kapena m'dengu lotseka, osadutsa pamaso pa wamkuluyo.

Masiku oyambawa ali ndi ntchito inanso. Tiamphaka tambiri timabwera ndi utitiri, njoka zam'mimba, chipere kapena chimfine, ndipo zonsezi zimapatsirana. Dokotala wa ziweto amakayeza, kukapatsa mankhwala a njoka, ndi kuyamba katemera, amene kawirikawiri amaperekedwa pa masabata 8 kapena 9 n'kubwerezedwa patatha masabata atatu kapena anayi. Katemera wa chiwewe amabwera kakakwana miyezi itatu. Mankhwala a utitiri opangira agalu, makamaka okhala ndi pemetirini, amapha amphaka, choncho sagwiritsidwa ntchito ngakhale pang'ono.

Chitsanzo chimodzi chingaonetse mmene ntchitoyi imayendera. Pakhomo pali mphaka wamkazi wa zaka 7 amene wakhala yekha moyo wake wonse, ndipo pabwera kamphaka kakamuna ka masabata 10. Tsiku loyamba wamkuluyo amanunkhiza kunsi kwa chitseko, kutulutsa mpweya kuti fwaa ngati njoka, n'kuchokapo mchira uli wotupa. Palibe chodabwitsa pamenepo, ndipo sakalipiridwa. Kuyambira tsiku lachitatu, mwini wake amatenga kansalu koyera, kukhula nako masaya a kamphaka, n'kukakasiya pansi pabalaza, kutali ndi mbale ndi pogona pa wamkuluyo. Kansalu kena kamakhulidwa m'masaya a wamkulu n'kupita kuchipinda cha mlendo. Kansaluko sikaikidwa pamphuno pa mphaka, ndipo sikakhulidwa pathupi pake. Iye yekha ndiye amasankha nthawi yokanunkhiza. Poyamba amakadzumira kapena kukalambalala. Patapita masiku angapo amakanunkhiza n'kupitirira ngati palibe kanthu, ndipo kusalabadira kumeneko ndiko chizindikiro chimene chikufunika. Zikatero amasinthana malo kwa ola limodzi patsiku: wamkulu ali panja kapena m'chipinda china, kamphaka kamayendayenda m'nyumba n'kusiya fungo lake m'mipando, kenaka kamabwezedwa.

Pa nthawi yomweyo chakudya chimayamba kugwira ntchito yake, ndipo apa ndi pamene pamafunika kudekha kwambiri. Amphaka awiriwo amadyetsedwa nthawi imodzi, wina mkati wina kunja kwa chitseko chotseka, mbale iliyonse ili pafupifupi mamita awiri kuchokera pachitsekopo. Chimene amakonda kwambiri, kaya ndi kachidutswa ka nkhuku yowiritsa kapena nsomba yophika yopanda mchere ndi minga, chimaperekedwa pamalo amenewa pokha. Cholinga n'chakuti fungo la mnzakeyo lizibwera limodzi ndi zokoma. Tsiku lililonse mbale zimasendezedwa kufupi ndi chitseko pang'ono, ngati kutalika kwa mkono. Mphaka wamkulu ndiye muyezo wa liwiro. Akadya n'kumaliza, kenaka n'kukhala pansi kunyambita mapazi, mawa lake mbale ikhoza kusendera. Akangoyang'ana chitseko, kapena kulumako kamodzi n'kuthawa, ndiye kuti yasendera msanga, ndipo imabwezedwa pomwe anadyera bwino komaliza. M'chitsanzochi, wamkuluyo akhoza kukana kudya pa tsiku la 6 mbale itafika theka la mita, kubwezedwa pa mita imodzi, n'kudzafika pachitseko penipeni pa tsiku la 10. Kubwerera m'mbuyo kotereku n'kwachizolowezi. Kamphaka nthawi zambiri kamakhala kokonzeka kalekale, kakutulutsa kale kaphazi kunsi kwa chitseko, koma changu chake sichiwerengedwa.

Kenaka amaonana popanda kukhudzana. Chitseko chimatsegulidwa kampata ka zala ziwiri n'kuchirikizidwa ndi njerwa mbali zonse, kapena pakhomo pamaikidwa felemu yokhomedwa waya wa nkhuku. Kuonanako kumakhala kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, pa nthawi ya chakudya, ndipo kumathetsedwa zinthu zisanaipe. Wamkulu akamadya, kuyang'ana kumbali kapena kuphethira pang'onopang'ono, zikuyenda bwino. Akaumitsa thupi n'kudodoma pa kamphaka osaphethira, makutu atagona cham'mbuyo, chitseko chimatsekedwa mwakachetechete ndipo mawa amayambira patali.

Kukumana kwenikweni kumabwera pakadutsa masiku angapo a kuonana kwa bata, nthawi zambiri mu sabata yachitatu. Chisanachitike, kamphaka kamatopetsedwa ndi masewera kwa mphindi khumi, ndi chingwe chomangirira nthenga ya nkhuku, chifukwa kamphaka kodzaza mphamvu kamalumphira mchira uliwonse woyenda. Kukumanako kumachitikira m'chipinda chachikulu, zitseko zili zotsegula, ndipo palibe mphaka amene amagwiridwa m'manja, pakuti mphaka wosowa kothawira amamenya. Mphindi zisanu zimakwanira tsiku loyamba. Nthawi imaonjezedwa tsiku ndi tsiku, koma usiku ndiponso anthu akachokapo kamphaka kamabwerera m'chipinda chake, mpaka patadutsa sabata yathunthu popanda kuthamangitsana koopsa.

Eni ambiri amalephera kusiyanitsa chilango, masewera ndi ndewu. Mphaka wamkulu akachita fwaa, n'kukapatsa kamphaka khofi limodzi pamutu zikhadabo zili mkati, kenaka n'kuchokapo, ndiye kuti akukaphunzitsa mwambo, ndipo kulowererapo n'kuononga phunziro. Masewera amakhala opanda phokoso, amasinthana kuthamangitsana, wapansi amadzakhala pamwamba, ndipo akapuma onse amabwereranso okha. Ndewu imadziwika ndi kudzuma kwapakhosi, kukuwa, ubweya woimirira pamsana, makutu omatirira kumutu ndi ubweya wouluka, ndipo wothawa amakhala mmodzi yemweyo nthawi zonse. Ikabuka saileretsa ndi manja, chifukwa mano a mphaka amalowa mozama ndipo bala lake silichedwa kuchita mafinya. Pakati pawo pamalowetsedwa chikatoni chophwatalala kapena pilo, kapena mmodzi amafunditsidwa bulangete. Amalekanitsidwa kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ntchito imayambiranso pa kudyera kuseri kwa chitseko. Kumenya kapena kukalipira wamkulu kumangomutsimikizira kuti mlendoyo amabwera ndi tsoka.

Mtendere wa pambuyo pake umadalira kuti wamkuluyo asatayepo kanthu. Aliyense amakhala ndi mbale yake, pamalo osaonana, pakuti kudyera limodzi ndi mwambo wa anthu, osati wa amphaka. Kwa amphaka ogona m'nyumba, mabeseni a mchenga amakhala ochuluka ngati amphakawo n'kuonjezapo limodzi, ndiye kuti atatu kwa amphaka awiri, ndipo amaikidwa m'malo osiyana, chifukwa atatu ondandalikidwa pakona imodzi mphaka amawaona ngati limodzi. Wamkulu amafunanso malo okwera, monga pamwamba pa kabati kapena pawindo, pamene kamphaka sikangafike msanga. Mphaka wopitirira zaka 10 nthawi zambiri amamva kupweteka m'mfundo, ndipo ukali wake pa kamphaka komulumphira ukhoza kukhala wa ululu. Wotereyu amafuna chipinda chimene angapumemo yekha maola angapo tsiku lililonse. Kamphaka kakafika miyezi 4 mpaka 6 kamathenedwa ngati ndi kakamuna, kapena kutsekedwa ngati ndi kakakazi, apo ayi mkangano umene unatha umadzayambiranso kakakula, limodzi ndi kuwaza mkodzo m'makoma.

Palinso nkhondo ina yopanda phokoso, imene imapitirira eni ake osaizindikira. Mphaka mmodzi amagona pakhomo lopita kumbale kapena kubeseni, akuoneka ngati akungopuma, ndipo mnzakeyo amaopa kudutsa. Zizindikiro zake ndi kubisala tsiku lonse, kukodza pabedi kapena pamkeka, kudzinyambita pamimba mpaka ubweya kuthothoka, ndi kuchedwa kubwera kunyumba. Mankhwala ake ndi kumwaza mbale, madzi ndi mabeseni kuti mphaka mmodzi asathe kulondera zonse nthawi imodzi. Zinthu ziwiri siziyembekezera: mphaka wamkulu amene watha masiku awiri osadya, chifukwa chiwindi chake chimaonongeka msanga, makamaka ngati ndi wonenepa, ndi mphaka wamwamuna amene akukhalira kutchima mkodzo osatuluka, amene amafunika dokotala tsiku lomwelo.

Ntchito yonseyi imatenga masabata awiri mpaka anayi m'makomo ambiri, koma kwa mphaka wokalamba amene sanakhalepo ndi mnzake imatha kufika miyezi ingapo. Ena amadzafika pogona mothinana ndi kunyambitana m'makutu. Ambiri amangogawana nyumba, wina pakhonde m'mawa wina madzulo, n'kumadutsana popanda chidani, ndipo zimenezo n'zokwanira. Ngati patatha miyezi itatu kapena inayi ya kubwereza njirayi pakuonekabe mabala, kapena mmodzi akuwonda ndi mantha, amphakawo amagawiridwa mbali zosiyana za nyumba mpaka kalekale, kapena kamphakako kamapezeredwa khomo lina kadakali kakang'ono.